Kuwerengera ndi kukambirana malipiro pa ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta ku America

Kampani yolemba mapulogalamu a kompyuta ku America ikasankha munthu kuti imulembe ntchito, imamutumizira kalata yofotokoza zimene azilandira. Chiwerengero chachikulu chimene chili m'kalatayo sindicho ndalama zimene zidzalowe m'thumba mwake chaka chilichonse. Choncho, asanavomere kapena kukana, ayenera kuphwanya malipirowo m'zigawo ndi kuwawerengera chaka ndi chaka.

Zigawo za malipiro

Chigawo choyamba ndi malipiro okhazikika a pachaka, ndipo ndicho chodalirika kuposa zonse. Chachiwiri ndi bonasi ya pachaka, yomwe imadalira mmene wogwira ntchitoyo ndi kampaniyo achitira, kotero ikhoza kuchepa kapena kusaperekedwa n'komwe. Chachitatu ndi ndalama yomulandirira, yoperekedwa kamodzi kokha. Makampani ambiri amafuna kuti ndalamayi ibwezedwe munthu akachoka chaka chisanathe.

Chigawo chachinayi ndi masheya a kampani, amene m'makalata amalembedwa kuti RSU. Kawirikawiri masheyawa amaperekedwa pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, ndipo m'makampani ambiri wochoka miyezi 12 isanakwane salandirapo kanthu. Kagawidwe kake kamasiyananso: ena amapereka gawo lofanana chaka chilichonse, pamene kampani ya Amazon imadziwika ndi kupereka 5 peresenti chaka choyamba, 15 chachiwiri, kenako 40 ndi 40.

Kufananiza makalata awiri

Mwachitsanzo, kampani yoyamba, yomwe masheya ake amagulitsidwa pamsika, yalonjeza madola 130,000 pachaka, bonasi ya 10 peresenti, ndi masheya a madola 80,000 ogawidwa mofanana pa zaka zinayi. Kuphatikiza 130,000, 13,000 ndi 20,000 kukupereka madola 163,000 pachaka.

Kampani yachiwiri yalonjeza madola 145,000 pachaka ndi ndalama yolandirira ya madola 15,000, popanda bonasi kapena masheya. Chaka choyamba munthuyo adzapeza madola 160,000, koma zaka zotsatira adzatsikira pa 145,000. Pakutha pa zaka zinayi, yoyamba idzakhala itapereka madola 652,000, yachiwiri 595,000, msonkho usanachotsedwe.

Komabe phindu la kampani yoyamba lili ndi malire. Pa madola 163,000 aja, 33,000 ndi osatsimikizika, chifukwa mtengo wa masheya ukhoza kugwa ndipo bonasi ikhoza kudulidwa. Munthu amene amalipira lendi ndi kutumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse angaone kuti malipiro okhazikika a kampani yachiwiri ndiwo omuyenera. Ayeneranso kufunsa kuti azidulidwa zingati za inshuwalansi ya kuchipatala, ndiponso ngati kampani imawonjezerapo ndalama pa thumba la penshoni lotchedwa 401(k).

Kupempha nthawi ndi kukambirana

Nthawi yabwino yokambirana ndi pamene kalata yafika koma munthu sanasaine. Amayamba ndi kuthokoza, kenako n'kupempha nthawi potchula tsiku lenileni: “Ndathokoza kwambiri. Ndikupempha kuti ndiwerenge bwino kalatayi ndipo ndidzayankha Lachisanu.” Kupempha masiku ochepa, ngakhale sabata imodzi, sichachilendo. Kampani yokakamiza kuti yankho libwere tsiku lomwelo imapereka chifukwa chokayikira.

Pempho lowonjezera malipiro limamveka likakhala limodzi, lokhala ndi chiwerengero ndi chifukwa chake. M'chitsanzo chija, wofuna kampani yachiwiri anganene kuti ali ndi kalata ina ya madola 163,000 pachaka, ndipo adzasaina malipiro okhazikika akafika 155,000. Ngati malipirowo afika kale pamalire a udindowo, angapemphe kuti awonjezere ndalama yolandirira, yomwe makampani amaisintha mosavuta popeza imatuluka kamodzi. Kunama kuti pali kalata ina n'koopsa, chifukwa olemba ntchito ena amapempha umboni.

Chilichonse chimene agwirizana pafoni chilembedwe m'kalata yatsopano. Munthu asasiye ntchito yakale kufikira atasaina ndipo kampani itamaliza kufufuza mbiri yake. Amene ali ndi viza ya H-1B atsimikizenso kuti kampani yatsopano yapereka kuboma pempho lomusamutsira kwa iyo asanayambe ntchito.

Kukana mwaulemu

Wokana ayankhe msanga, kuti kampani ipereke mwayiwo kwa wina. Imelo yaifupi imakwanira: “Ndathokoza chifukwa cha nthawi yanu ndi chikhulupiriro chimene mwandisonyeza. Nditalingalira mofatsa, ndasankha kuvomera ntchito ina.” Palibe chifukwa chotchula dzina la kampani inayo kapena kudzudzula malipiro. Chimene chimawononga mbiri ya munthu ndicho kusaina kenako n'kubwerera m'mbuyo, kapena kungokhala chete osayankha, pakuti olemba anthu ntchito nawonso amasintha makampani ndipo angadzakumane naye kwina.