Ulendo wa ku Glasgow pa galimoto imodzi: malita angati, aliyense apereke zingati?

Ambiri a ife kuno ku West Midlands timakwerana galimoto. Wina amakhala ku Handsworth, wina ku Smethwick, wina ku Coventry kapena ku Wolverhampton, koma shifiti ndi imodzi, ndiye galimoto ya mmodzi imanyamula onse. Pa maulendo afupiafupi a kuntchito sipavuta, munthu amangoponya £5 ya petulo Lachisanu basi. Nkhani imavuta ukabwera ulendo wautali, wa ku ukwati, ku maliro kapena ku chinkhoswe. Mwini galimoto amachita manyazi kutchula ndalama, okwera nawonso amangoti "tidzaonana pobwera", ndipo pobwerapo wina amatsala akudandaula chamumtima. Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndi bwino kuwachita musananyamuke, aliyense akuona.

Nditenga ulendo umene ambiri timaudziwa, wochoka ku Birmingham kupita ku Glasgow kudzera mu M6, kenako A74(M) ndi M74. Ndi mamailosi pafupifupi 290 kupita kokha. Kupita ndi kubwera ndi 580, ndipo tikaonjezapo 20 oyendayenda kumeneko, mwina kukaona kwawo kwa David Livingstone ku Blantyre wa ku Scotland uja, akwana 600.

Chosokoneza choyamba ndi miyezo ya dziko lino. Kumudzi tinazolowera makilomita ndi malita. Kuno zikwangwani za mumsewu zili m'mamailosi, petulo amagulitsa pa lita, koma galimoto imakuuzani kamwedwe kake mu mpg, kutanthauza mamailosi amene imayenda pa galoni imodzi. Miyezo itatu yosiyana pa ulendo umodzi! Manambala oti muwasunge pamtima ndi awiri okha: mailo imodzi ndi makilomita 1.609, ndipo galoni ya kuno ndi malita 4.546. Samalani ndi galoni ya ku Amereka, imene ndi malita 3.785 okha. Zowerengetsera zina za pa foni zimagwiritsa ntchito ya ku Amerekayo, ndipo mukaikamo mpg ya galimoto ya kuno zikuuzani malita ochepa kuposa amene mufunika. Ndiye mamailosi athu 600 aja, kuchulukitsa ndi 1.609, ndi makilomita 965.

Tsopano galimotoyo imamwa bwanji? Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nambala yolembedwa m'buku la galimoto musaidalire, chifukwa inayesedwa galimoto ili yatsopano, mopanda anthu anayi ndi masutikesi. Imene imaoneka pa dashibodi ili bwinoko, koma nayonso kawirikawiri imakometsa zinthu. Njira yoona ndi ya thanki yodzaza. Thirani petulo mpaka pampu idzidula yokha, osakakamiza kuonjezera. Bwezani kowerengera mtunda kaja pa ziro. Yendani monga mwa masiku onse mpaka thanki itsike kupitirira theka, kenako mukadzazenso mpaka pampu idule. Malita amene ali pa lisiti yachiwiriyo ndiwo amene galimoto yamwa pa mtunda umene mwayendawo.

Tinene kuti mwayenda mamailosi 310 ndipo mwathira malita 33. Mamailosi 310 ndi makilomita pafupifupi 500. Malita 33 pa makilomita 500 ndi malita 6.6 pa makilomita 100 alionse. Amene mwazolowera mpg, pali njira yachidule yosinthira:

```
malita pa 100 km = 282.5 / mpg
malita a ulendo = km x (malita pa 100 km) / 100
```

Galimoto yathuyi ikuyenda pafupifupi 43 mpg, ndipo 282.5 kugawa ndi 43 ikutipatsanso 6.6 yomwe ija. Mukapeza nambala yodabwitsa, mwachitsanzo malita 11 pa kagalimoto kakang'ono, yambani mwaona ngati simunasakanize mamailosi ndi makilomita. Ngati masamu ali bwino, ndiye vuto lili pa galimoto: mphepo yochepa m'matayala, mabuleki ogwira, kapena sevisi imene inadutsa kalekale. Zoterezi ndi bwino kuzidziwa muli ku Birmingham kusiyana ndi kuzidziwira pa Shap usiku.

Muonenso mtundu wa msewu umene munayesera. Ngati sabata yonseyo munali mumzere wa magalimoto pa Soho Road ndi pa Stratford Road, pa M6 galimoto idzamwa pang'ono kuposa pamenepo, chifukwa kuima-ima ndi kumene kumatha mafuta. Koma ngati munayesa pa msewu waukulu muli nokha, dziwani kuti anthu anayi ndi katundu adzakweza nambalayo, komanso pali zitunda za Shap ku Cumbria ndi Beattock mukalowa mu Scotland. Ine ndimaonjezera 10 peresenti. Si lamulo ayi, ndi malo ongopumira. Ndiye 6.6 ikhala 7.3. Bokosi la padenga lija limamwetsa mafuta kwambiri pa liwiro la 70, choncho ngati katundu akukwana m'buti, lisiyeni kunyumba.

Makilomita 965 kuchulukitsa ndi 7.3, kugawa ndi 100, ndi malita 70 ndi kanthu. Tingoti 71. Mtengo wa petulo umasinthasintha, ndiye inu muike umene mwauona pa pampu sabata ya ulendoyo. Ine pano ndingoyerekeza £1.45 pa lita. Malita 71 pa £1.45 ndi £103. Pa kilomita imodzi, ndi 10.6p, kapena kuti 17p pa mailo.

Nambala ya malitayi imakuuzaninso koti mukathire. Ngati thanki ndi ya malita 50, musawerengere onse 50. Siyani 8 kuti musafike poyenda nyali ya mafuta itayaka. Malita 42 otsalawo akuyendetsani makilomita 575, pomwe kupita kokha ndi makilomita 467, amene afuna malita 34. Kutanthauza kuti mukadzaza pa supamaketi ku Birmingham mukafika ku Glasgow osathiranso, ndipo kumeneko mudzazenso pa supamaketi musanabwerere. Pa Tebay kapena pa Gretna imani kuti muongole miyendo ndi kumwa tiyi, koma petulo wa m'malo opumira a pa msewu waukulu ndi wodula kwambiri kuposa wa m'tauni. Munthu amene sanawerengere ndi amene amakagwa m'manja mwawo.

Apa ndiye pamene ambiri amalekera: £103 kugawa anthu anayi, nkhani yatha. Koma abale anga, galimoto siyenda ndi petulo yekha. Mamailosi 600 amadya matayala, amadya mabuleki, amasendeza tsiku la sevisi pafupi. Izinso zimawerengeka, mwini galimoto akangoyang'ana malisiti ake. Tiyerekeze kuti matayala anayi anagula £280 ndipo amayenda mamailosi 25,000. Imeneyo ndi 1.1p pa mailo. Sevisi ya £240 pa mamailosi 10,000 alionse ndi 2.4p. Mabuleki ndi tina ndi tina tokonzetsa, £300 pa mamailosi 10,000, ndi 3p. Zonse pamodzi ndi 6.5p pa mailo, imene ndi 4p pa kilomita. Pa makilomita 965 ndi £39.

Ndiye mtengo weniweni wa ulendo ndi £103 kuphatikiza £39, yokwana £142, kapena pafupifupi 14.6p pa kilomita. Anthu anayi, aliyense £35.50. Inshuwalansi, msonkho wa galimoto ndi MOT ine sindiziikamo, chifukwa mwini wake akanalipirabe ngakhale galimoto ikanagona pakhomo. Ndipo ndimaona kuti mwini galimoto nayenso ayenera kuwerengedwa pogawa, popeza naye akupita ku ukwati womwewo. Ngati anzake mwa iwo okha afuna kumugulira chakudya panjira chifukwa wagwira chiwongolero maola asanu kapena asanu ndi limodzi, umenewo ndi umunthu chabe, si gawo la masamu.

Ena amafunsa za 45p pa mailo imene amaimva kuntchito. Imeneyo ndi ndalama imene HMRC inaika mu 2011 ngati malire a zimene abwana angabwezere wantchito popanda msonkho akagwiritsa ntchito galimoto yake pa ntchito ya kampani, pa mamailosi 10,000 oyamba m'chaka, ndipo inakhala pomwepo zaka zoposa khumi. Muli zonse mmenemo, inshuwalansi ndi kutsika mtengo kwa galimoto komwe. Pa ulendo wathuwu ikanakhala £270, pafupifupi kuwirikiza kawiri £142 ija. Ngati ulendowo watumidwa ndi kampani, funsani ku ofesi mtengo umene ulipo chaka chimenecho. Koma kulipiritsa anzanu a pa shifiti mtengo umenewu pa ulendo wa ku ukwati, ine ndikuona kuti ndi kuwalemetsa.

Pali chifukwa chinanso chosakwezera mtengo. Malamulo a kuno amalola kusonkherana ndalama za ulendo bola dalaivala asapezepo phindu, ndiye kuti zonse zimene walandira zisapose zimene ulendowo wadya pa galimoto. Mukadutsa pamenepo mwayamba matola, ndipo inshuwalansi wamba siteteza matola. Pakachitika ngozi kampani itha kukana kukonza galimoto yanu. Pepala la masamu lija limakutetezaninso pamenepa. Komanso ngati mukufuna kusinthana chiwongolero, winayo akhale wolembedwa pa inshuwalansi ya galimotoyo, kapena mugule ya masiku ochepa n'kuika mtengo wake pa ndalama zogawana. Kuyendetsa popanda inshuwalansi ndi mapointi 6 pa laisensi kuphatikiza faindi, ndipo apolisi atha kulanda galimoto pomwepo.

Nanga wina akatsikira panjira? Apa mtengo wa pa kilomita umathandiza zedi. Tinene kuti mmodzi akutsika ku Preston, mamailosi pafupifupi 110 kuchoka ku Birmingham, omwe ndi makilomita 177. Chigawo chimenecho pa 14.6p ndi £26, anthu anayi, aliyense £6.50. Makilomita 290 otsala ndi £42, koma tsopano mwatsala atatu, aliyense £14. Wa ku Preston apereka £6.50, ofika ku Glasgow £20.50 aliyense, kupita kokha. Pobwera muwerenge chimodzimodzi malinga ndi amene akwera.

Zolipira zina monga poimika galimoto musazilowetse mu mtengo wa pa kilomita, ingoziphatikizani pamapeto n'kugawana. Za M6 Toll, wochokera pakati pa Birmingham kulowera kumpoto safunika kudutsako. Imakhudza kwambiri ochokera mbali ya Coventry amene akuthawa mzere wa pa Spaghetti Junction ndi Walsall. Chimene muyenera kuonetsetsa ndi msinkhu wa galimoto. Kuyambira pa 14 Juni 2021, galimoto ya petulo yosafika Euro 4 kapena ya dizilo yosafika Euro 6 imalipira ikalowa mkati mwa msewu wa A4540 Middleway ku Birmingham, ndipo anayamba ndi £8 pa tsiku. Ku Glasgow ndi kolimba kuposa apa. Kuyambira pa 1 Juni 2023, galimoto zoterezi siziloledwa n'komwe kulowa pakati pa mzinda. Palibe zolipiriratu, kalata ya faindi yoyambira £60 imangokupezani kunyumba. Lembani nambala ya galimoto pa tsamba la gov.uk loonera Clean Air Zone, ndi pa la Low Emission Zones Scotland, musanasankhe kuti mwa magalimoto anu inyamuke ndi iti.