Dashibodi ya pa foni

Dashibodi ndi tsamba losonyeza manambala ofunika a ntchito pamalo amodzi, monga malonda a tsiku kapena katundu wotsala m'sitolo. Pa foni yaing'ono, mzere wa pamwamba uzikhala ndi manambala atatu okha, olembedwa mokulira, ndipo zina zonse zizitsika pansi kuti wowerenga asamakokere tsamba cham'mbali.

Chimene chimadya bandulo kwambiri ndi zithunzi. Tchati chotumizidwa ngati chithunzi chikhoza kufika makilobaiti 200, pomwe manambala ake okha sakwana makilobaiti 2. Choncho seva iwerengeretu zonse, itumize zotsatira zokha, foni ijambule yokha tchaticho.

Netiweki ikathawa, tsamba lisonyeze manambala omaliza pamodzi ndi nthawi imene anafika, kuopa kuti munthu angaode katundu potengera za dzulo.