Lamulo la Taylor

Lamulo la Taylor ndi njira yowerengera chiwongoladzanja choyenera kuikidwa ndi banki yaikulu ya dziko, potengera kukwera kwa mitengo ndi kuchuluka kwa zomwe dziko likupanga. Analilemba mu 1993 ndi John Taylor, katswiri wa zachuma wa ku Amereka.

```
i = p + 0.5y + 0.5(p − 2) + 2
```

Apa `i` ndi chiwongoladzanja, `p` ndi kukwera kwa mitengo pa chaka, `y` ndi maperesenti omwe zopangidwa zapitirira kapena kuperewera pa mlingo womwe chuma chingakwanitse. Mitengo ikakwera ndi maperesenti 4, zopangidwa n'kuperewera ndi 2, chiwongoladzanja chimakhala maperesenti 6. Kukwera kwa mitengo kukaonjezekera ndi peresenti imodzi, chiwongoladzanja chimakwera ndi 1.5, kuti ngongole idule ndithu. Chovuta n'chakuti `y` sayezeka mwachindunji, amangoyerekezedwa.