Kuika Chizindikiro pa Zithunzi za Anthu Zosinthidwa Kapena Zopangidwa ndi Kompyuta

Chizindikiro cha pa chithunzi ndi mawu achidule odziwitsa woona kuti zimene akuonazo si zimene kamera inajambula. Unduna ukulangiza alimi, amalonda ndi anthu onse kuti aziika mawu otere pofalitsa chithunzi cha munthu weniweni chomwe chasinthidwa kapena chapangidwa ndi kompyuta.

Zithunzi zofunika chizindikiro

Kuwalitsa chithunzi chakuda kapena kudula m'mbali mwake sikufuna chizindikiro, malinga ngati tanthauzo lake silinasinthe. Chizindikiro chimafunika pamene munthu akuoneka ali pamalo pomwe sanafikepo, atanyamula chinthu chimene sanachigwire, kapena ali ndi anthu amene sanakumane nawo.

Mwachitsanzo, wogulitsa mbewu wajambula mlimi ali pakhomo pake, kenaka wachotsa nyumba ya kumbuyo n'kuikapo munda wa chimanga chobereka bwino. Woona adzakhulupirira kuti mlimiyo anakolola chimangacho chifukwa cha mbewuyo, ndipo akhoza kuwononga ndalama za ulimi wa chaka chonse potsatira umboni wabodza. Mawu akuti “chasinthidwa” okha ngosakwanira. Ayenera kutchula chimene chasintha, motere: “Chithunzichi chasinthidwa ndi kompyuta. Munda ukuonekawu si wa mlimiyu.”

Malo oika chizindikiro

Mawuwa alembedwe m'kati mwa chithunzi chenichenicho, pafupi ndi munthuyo, m'zilembo zowerengeka pa foni yaing'ono. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi amatsala munthu akachisunga m'foni n'kuchitumizanso pa WhatsApp, ndipo a m'mphepete amadulidwa mosavuta.

Zotere zinaoneka m'mwezi wa Marichi 2023 ndi chithunzi cha Papa Fransisko atavala jekete loyera lofufuma, chomwe chinapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Chinayamba kuonetsedwa pagulu la anthu opanga zithunzi zoterezi, omwe ankadziwa kuti nchopeka. Chitakoperedwa kupita kwina, panalibe mawu pachithunzipo ochenjeza woona, ndipo anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana anachikhulupirira.

Malire a chizindikiro

Chizindikiro sichilowa m'malo mwa chilolezo. Mwini nkhope ayenera kuona chithunzi chosinthidwacho ndi kuvomera chisanafalitsidwe, ndipo chithunzi chonyazitsa munthu chimakhalabe chonyazitsa ngakhale chilembedwe kuti nchopeka.

Komanso kusowa kwa chizindikiro si umboni woti chithunzi nchoona, pakuti ofuna kunyenga sachiika. Wokayika ayang'anitsitse zala, zilembo za pa matumba kapena zikwangwani, ndi mithunzi yoloza mbali zosiyana. Popeza mapulogalamu atsopano salakwitsa kawirikawiri pa zimenezi, njira yodalirika ndi kufunsa amene anajambula, malo ndi tsiku. Ngati chithunzi chikutsatsa mbewu, feteleza kapena mankhwala, funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu musanagule.