Muyeso wa Diebold ndi Mariano: Kuweruza Pakati pa Olosera Awiri

Muyeso wa Diebold ndi Mariano ndi njira ya masamu yoweruzira ngati olosera awiri, amene akhala akuneneratu za chinthu chimodzimodzi kwa nyengo ndithu, akusiyanadi pa kulondola kwawo, kapena ngati kupambana kumene kukuoneka kwa mmodzi kwangobwera ndi mwayi. Anaulengeza m'chaka cha 1995 ndi Francis Diebold ndi Roberto Mariano, akatswiri a zachuma a pa Yunivesite ya Pennsylvania ku Amereka, ndipo kuyambira pamenepo olosera za kukwera kwa mitengo ya zinthu, za mphamvu ya ndalama, za nyengo ndi za magetsi akhala akuugwiritsa ntchito.

Maziko ake ali pa zinthu zitatu zotsatana. Choyamba ndi kuphonya, ndiko kusiyana kwa chimene chinachitikadi ndi chimene chinanenedwa. Chachiwiri ndi chilango, ndiwo mtengo umene woweruza aika pa kuphonyako. Ambiri amachulukitsa kuphonya ndi iko komwe, kotero kuti wophonya ndi 3 alandira chilango cha 9, pamene ena amangotenga kukula kwa kuphonyako osasamala kuti kunali kopitirira kapena koperewera. Chachitatu, chomwe ndicho mwini nkhani, ndi kusiyana kwa zilango za awiriwo pa tsiku lililonse, L pokhala chilango, e1 ndi e2 kuphonya kwa woyamba ndi kwa wachiwiri:

```
d(t) = L(e1(t)) - L(e2(t))
```

Nzeru yake yagona apa: m'malo mosenza mindandanda iwiri, imene kawirikawiri imayendera limodzi popeza tsiku lovuta livutira onse awiri, woweruza atsala ndi mndandanda umodzi wokha, ndi funso limodzi lokha, lakuti kodi avareji yeniyeni ya d ndi ziro kapena ai.

Tiyerekeze kuti anthu awiri akhala akulosera kutentha kwa tsiku lotsatira kwa masiku 8. Woyamba anaphonya ndi madigiri 2, -1, 3, -2, 1, -3, 2 ndi 0. Wachiwiri ndi 1, -2, 1, -1, 2, -2, 0 ndi 1. Tikachulukitsa kuphonya kulikonse ndi iko komwe, zilango za woyamba ziphatikizana kukhala 32, za wachiwiri 16, ndipo munthu wothamanga mtima angagamule pomwepo kuti wachiwiri wapambana kawiri. Koma tikachotsera tsiku ndi tsiku tipeza d wotere: 3, -3, 8, 3, -3, 5, 4, -1. Avareji yake ndi 2, inde, koma pa masiku atatu woyamba ndiye anachita bwino, ndipo theka lathunthu la kupambana kwa wachiwiri lachokera pa tsiku limodzi lokha, lachitatu lija.

Chifukwa chake avarejiyo iyenera kuyesedwa ndi kumwazikana kwa ziwerengero zimene zaibala. Tichotsa 2 pa d aliyense, tichulukitsa chotsalacho ndi icho chomwe, tiphatikiza zonse, ndipo tipeza 110; tikagawa ndi 8 tipeza 13.75, ndiko kumwazikana kumene tikutcha V. Chiwerengero cha muyeso chipezeka motere, T pokhala kuchuluka kwa masiku:

```
DM = mean(d) / sqrt(V / T)
   = 2 / sqrt(13.75 / 8) = 1.53
```

Olosera awiriwo akadakhala ofanana mphamvu, ndipo masiku nakhala ochuluka, chiwerengerochi chikadapitirira 1.96, kumwamba kapena kumunsi, kasanu kokha pa maulendo 100. Chathu ndi 1.53, ndiye kuti sichinafike. Chigamulo chake sichikunena kuti awiriwo ndi ofanana; chikungoti umboni sunakwane kuti tiwasiyanitse. Avareji yomweyo ndi kumwazikana komweko zikadachokera m'masiku 32, chiwerengero chikadakhala 3.05 ndipo mlandu ukadatha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malire a 1.96 aja ndi a masiku ochuluka, ndipo pa masiku owerengeka muyesowu ufulumira kupeza kusiyana kumene kulibe. M'chaka cha 1997 David Harvey, Stephen Leybourne ndi Paul Newbold anakonza chilema chimenechi pochepetsa chiwerengerocho pang'ono ndi kuchiyesa ndi malire a t a Student. Pa chitsanzo chathu 1.53 atsika kufika pa 1.43, pamene malire akwera kufika pa 2.365.

Pali mbuna ina yozama koposa, imene agweramo ngakhale ophunzira. Wolosera akamanena za masiku atatu akudzawo, ulosi wa Lolemba wonena za Lachinayi ndi ulosi wa Lachiwiri wonena za Lachisanu uwoloka masiku amodzimodzi, kotero kuti mphepo yodzidzimutsa ya Lachitatu isokoneza onse awiri, ndipo d wa lero akhala mbale wake wa d wa dzulo. Pabwalo la milandu, mboni khumi zimene zinagona m'nyumba imodzi ndi kupangana mawu sizilemera monga mboni khumi zosadziwana; momwemonso masiku 32 omangirirana sali umboni wa masiku 32. Diebold ndi Mariano anati pa ulosi wa masitepe h kutsogolo, V awonjezedwe ndi chibale cha d kufikira masitepe h - 1:

```
V = g(0) + 2 * (g(1) + ... + g(h-1))
```

Apa g(0) ndi kumwazikana kuja, ndipo g(k) ayesa mmene d ayendera limodzi ndi d wa masiku k apitawo. Tinene kuti pa masiku 32 aja ulosi unali wa masiku atatu, g(1) ali 8 ndipo g(2) ali 4: V akwera kuchoka pa 13.75 kufika pa 37.75, ndipo 3.05 uja agwa kufika pa 1.84, pansi pa malire. Amene anyalanyaza chibalechi aveka wolosera nduwira imene sanaigwirire ntchito. Nthawi zina, masiku akachepa, V wowerengedwa motere atuluka wochepera ziro, chinthu chosatheka. Pamenepo awerengedwenso mwa njira ya Newey ndi West, imene ichepetsa kulemera kwa g akutali ndipo sibala V wotero.

Chilango chiyenera kusankhidwa zotsatira zisanaoneke, ndipo chifanane ndi chimene munthu ataya m'choonadi. Kwa woyang'anira magetsi kulosera moperewera kumene kuzimitsa mzinda ndi kowawa kuposa kulosera mopitirira, ndipo muyesowu ulola chilango chopendekera chotere. Koma woyesa zilango zisanu nalengeza chimodzi chomkomera wapotoza chiweruzo.

Muyesowu uli ndi polekezera pake. Ulosi wachiwiri ukachokera ku chitsanzo cha masamu chimene chili choyamba chomwecho chowonjezeredwa zinthu zina, ndipo zowonjezerazo nkukhala zopanda ntchito, maulosi awiriwo ayandikana kufikira d afota pamodzi ndi V, ndipo malire aja sagwiranso; za mlandu wotere analemba Todd Clark ndi Michael McCracken mu 2001, ndiponso Clark ndi Kenneth West mu 2007. Diebold mwini wake anakumbutsa mu 2015 kuti muyesowu unapangidwira kuyerekeza maulosi, osati zitsanzo zobala maulosiwo. Wogwiritsa ntchito pulogalamu ya R aupeza m'phukusi la `forecast` pa dzina la `dm.test`, limene liwerenga ndi kukonza kwa 1997 kuja. Koma asaiwale kuuza makinawo h woona, pakuti akapanda kutero atenga h kukhala 1.