Kutenthetsa madzi ndi magetsi a sola otsala masana

Cilala ca caka ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale, cinacepetsa madzi m'damu la Kariba kotero kuti pofika mwezi wa Sepitembala madera ena mu Lusaka anali kukhala opanda magetsi kwa maola oposa 20 pa tsiku. Kucokera nthawiyo, mabanja ena ku Mandevu, Chaisa, Marapodi ndi makomboni oyandikana nawo anaika mapanelo a sola, batire ndi inivata. Cimene ambiri sazindikira n'cakuti gawo lina la mphamvu ya mapanelowo limatayika tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu.

Mmene magetsi amatayikira

M'mawa mapanelo amadzaza batire imene inagwira nchito usiku. Batire ikadzala, makina oyang'anira kuchaja amacepetsa mphamvu yocokera ku mapanelo kuti ilingane ndi zimene nyumba ikugwiritsa nchito pa nthawiyo. Ngati m'nyumba mukuyaka firiji yokha, mapanelo okhoza kupereka mawati 1,700 amangopereka 200. Mphamvu yotsalayo sisungidwa kulikonse, ndipo sioneka pa sikirini ya inivata cifukwa sinapangidwe n'komwe.

Kacipangizo kopatutsa magetsi kamathetsa vuto limeneli. Nchito yake ndi kudikira kuti batire idzale, kenako n'kutumiza mphamvu yotsala ku elementi ya giza. Mtambo ukaphimba dzuwa kapena munthu akayatsa aironi, kamacepetsa kapena kudula magetsi opita ku giza. Mwa njira imeneyi thanki ya madzi imakhala ngati batire yaciwiri, yosunga kutentha m'malo mwa magetsi.

Citsanzo ca nyumba ya ku Mandevu

Tiyerekeze nyumba imene ili ndi mapanelo anayi a mawati 550 iliyonse, batire ya mayuniti 5 ndi giza ya malita 100. Yuniti pano ndi imodzimodzi ndi imene timagula ku ZESCO, kutanthauza mawati 1,000 kwa ola limodzi. Pa tsiku lopanda mitambo, mapanelo amenewa angapereke mayuniti pafupifupi 9.

Ngati banjalo lagwiritsa nchito mayuniti 4 usiku, kudzazanso batire kumatenga mayuniti 4 ndi theka, popeza mphamvu ina imatayika pochaja. Firiji, wailesi yakanema ndi mafoni zimatenga yuniti imodzi ndi theka masana. Zikatere pamatsala mayuniti 3, ndipo ambiri mwa iwo amapezeka kuyambira ca m'ma 1 koloko masana, batire itadzala, kufikira ca m'ma 4 koloko.

Kuti malita 100 a madzi atenthe ndi digiri imodzi pamafunika mawati 116 kwa ola limodzi. Motero mayuniti 3 amakweza kutentha kwa madziwo ndi madigiri pafupifupi 26. Madzi olowa m'thanki ali pa madigiri 20 amafika pa 46, kumene ndi kokwanira kusamba madzulo popanda kuyatsa mbaula. Kuti madzi omwewo afike pa madigiri 60 pangafunike mayuniti oposa 4 ndi theka, ndipo mapanelo anayi sangakwanitse zimenezi tsiku lililonse.

Kusankha kacipangizo koyenera

Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Mtundu woyamba uli ndi kacingwe kamene kamamangidwa pa waya wocokera ku mita, ndipo kamayeza magetsi amene akutuluka m'nyumba kubwerera ku mawaya a ZESCO. Umenewu unapangidwira nyumba zimene zimatumiza magetsi otsala kunja, monga mmene malamulo amene boma linakhazikitsa mu 2024 amalolera anthu amene acita pangano ndi ZESCO. Koma magetsi a ZESCO akazima palibe cimene cimatuluka pa waya umenewo, ndipo kacipangizoko sikaona mphamvu yotsala. Pa nyumba yodalira batire, mtundu umenewu sugwira nchito pa nthawi imene ukufunika kwambiri.

Mtundu waciwiri umayang'ana kudzala kwa batire, kumene pa sikirini ya inivata zambiri kumalembedwa kuti SOC. Umenewu ndiwo woyenera nyumba ya m'citsanzo cathu. Mmisiri amaucuna kuti uyatse giza batire ikafika pa maperesenti 95, ndi kuizima ikatsika kufika pa 85. Mpata wa pakati pa manambala awiriwa ndi wofunika, cifukwa popanda mpatawo switchi imayatsa ndi kuzima kawirikawiri mtambo uliwonse ukadutsa, ndipo imatha msanga.

Kukula kwa elementi

Pamene pamalakwika kawirikawiri ndi pa elementi. Magiza ambiri amagulitsidwa ali ndi elementi ya mawati 2,000 kapena 3,000. Ca m'ma 2 koloko masana mapanelo anayi aja angapereke mawati 1,500, ndipo nyumba imatengako 200. Elementi ya mawati 2,000 ikayaka, mawati 700 opereweramo amacokera ku batire. Banja limapeza madzi otentha, koma usiku magetsi amatha msanga. Elementi ya mawati 3,000 pa inivata yaing'ono ingacititsenso kuti inivatayo izime cifukwa ca kulemedwa.

Njira yosavuta ndi kuika elementi ya mawati 1,000, imene imatenthetsa pang'onopang'ono koma sipitirira zimene mapanelo akupereka. Njira ina ndi kugula kacipangizo kamene kamakweza ndi kutsitsa mphamvu yopita ku elementi molingana ndi dzuwa. Tizipangizo tina totere timacititsa mababu kuphethira kapena inivata kulira, conco wogula afunse kaye ngati kamagwirizana ndi inivata yake.

Zoopsa zofunika kupewa

Mawaya ocokera ku mapanelo asalumikizidwe mwacindunji ku giza wamba. Magetsi a mapanelo ndi a mtundu wa DC, pamene switchi yozima giza madzi akatentha inapangidwira magetsi a AC. Ikayesa kudula magetsi a DC, moto umalumpha pakati pa tizitsulo take ndipo tingasungunuke n'kumatirirana. Giza siizimanso, madzi amawira, ndipo moto ungabuke.

Elementi yoyaka m'thanki yopanda madzi imapsa m'kanthawi kocepa. Popeza m'makomboni madzi amasowa m'mipopi nthawi zina, mapaipi aikidwe mwa njira yakuti thanki isakhuthuke, ndipo pakhale switchi yozimira giza pamanja. Valavu yotulutsa madzi mphamvu ikaculuka m'thanki isatsekedwe konse.

Madzi a pansi pa nthaka mu Lusaka ali ndi laimu wambiri, amene amaundana pa elementi. Giza ikayamba kucita phokoso potenthetsa, elementi itulutsidwe ndi kutsukidwa. Ndiponso madzi ofunda osafika pa madigiri 50 angaswanitse tizilombo toyambitsa cibayo. N'cifukwa cake thanki iyenera kutenthedwa kufika pa madigiri 60 kamodzi pa mlungu, pogwiritsa nchito magetsi a ZESCO ngati dzuwa laperewera.

Kudziwa ngati zikuyenda bwino

Cizindikiro cacikulu ndi batire pa nthawi yolowa dzuwa. Ngati ili yodzala monga mmene inali kukhalira giza isanalumikizidwe, ndipo madzi atentha, ndiye kuti mphamvu yotsala yokha ndiyo yagwira nchito. Ngati batire ili yotsika, elementi ndi yaikulu kapena kacipangizo kacunidwa molakwika. M'miyezi ya mvula, makamaka Januwale ndi Febuluwale, pamakhala masiku amene batire siidzala, ndipo giza siiyaka n'komwe. Pamenepo kacipangizo sikanawonongeke, koma kakucita nchito yake yoteteza magetsi a usiku.