Literally

Literally ndi mawu a Chingelezi otanthauza kuti chinthu chinachitika ndendende monga chanenedwera, koma amagwiritsidwanso ntchito potsindika mawu okokomeza.

Gwero lake ndi liwu la Chilatini lakuti littera, kutanthauza chilembo. Poyamba ankanena za kumva mawu monga alembedwera. Kenaka anayamba kutsimikizira kuti zonenedwazo ndi zoona, ndipo pomaliza anakhalanso owonjezera mphamvu. Mawu akuti very, omwe kale ankatanthauza choona, anayenda njira yomweyi.

Munthu akanena kuti anafa nako kuseka ndi kuikapo literally, sakulengeza kuti akuphiphiritsa, monga amachitira mawu akuti figuratively. Akungotsindika, ngati wonena kuti wafa ndi njala ndithu.

Kagwiritsidwe ntchito aka si katsopano. Kakupezeka m'buku la Frances Brooke la 1769 komanso m'zolemba za Charles Dickens. H. W. Fowler anakatsutsa mu 1926, ponena kuti kamasokoneza tanthauzo.

Madikishonale a Oxford ndi Merriam-Webster amalemba matanthauzo onse awiri. Pocheza si kulakwitsa, koma m'zolemba zamalamulo ndi zasayansi tanthauzo loyamba ndilo limatsatidwa.